Chambo ichi n'chabwinobwino? Ndithandizeni ndisanatumize ndalama

NaPhiri: Abale, ndili pa Kasungu pano. Mayi wina wogulitsa nsomba wanditumizira chithunzi ichi pa WhatsApp, akuti chambochi chafika m'mawa uno kuchokera ku Nkhotakota. Akufuna ndiyambe ndalipira, kenako andipatsire wakabaza. Mawa kukubwera apongozi anga ochokera ku Mtunthama, ndiye sindikufuna kuwadyetsa zowatsegula m'mimba. Nsomba zilipo 5. Zitatu maso ake ndi owala, koma ziwirizo maso ndi otuwa ngati mwalowa mkaka, ndipo zonse zikunyezimira ngati zoterera. Ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Chisomo: Maso akatuwa basi yapita imeneyo mayi. Tengani zitatuzo, ziwirizo muwasiyire eni ake.

Mayi a Tadala: Ine nkhuku ikayamba kunanda pansi pa mapiko ndimataya, olo mtundu ukhale wabwino. Ndinadwalapo usiku wonse chifukwa choumira nayo.

NaPhiri: Zikomo asisi, koma izi ndi nsomba.

Gogo NaBanda: Mwanawe, ine ndagulitsa nsomba zaka zambiri, ndinkakapikula ku Dwangwa. Zimene anena a bambo a Chisomozo n'zoona, koma osati nthawi zonse. Nsomba ikagona pa ayezi, diso lakumunsi limene lakhudza madzi ozizirawo limatuwa ngakhale yaphedwa lero lomwe. Chimene ine ndimayang'ana si kutuwa kokha, koma ngati disolo ndi lotukuka kapena lalowa m'kati. La nsomba yatsopano limakhala lodzadza, kakuda kapakati kooneka bwino. La yogonetsa limaphwa, limasiya kadzenje. Pa chithunzi chakochi anajambulira pamwamba, ndiye kutukukako sikukuoneka.

Za kunyezimirazo usazidalire n'komwe. Tonsefe timawaza madzi pa nsomba kasitomala asanafike, ndipo yadzana ikanyowa imawala ngati yalero. Kuterera pakokha si vuto, nsomba yamoyo imaterera kale. Kwabwino kumakhala koyera ngati madzi, kopyapyala. Koipa kumakhala kolimba, kotuwira kapena kwachikasu, ukagwira n'kulekanitsa zala kumatamuka ngati therere. Zimenezo foni singakuuze.

Uwauze achite izi pa vidiyo, osati chithunzi. Atukule chivindikiro cha m'mbali mwa mutu kuti uone makha, muja imapumira nsomba. Akhale ofiira psuu, timizere take toonekera patokhapatokha. Akakhala abulawuni kapena otuwa, atamatana ndi zoterera, isiye. Kenako adinikize chala pamsana pamene pali mnofu wambiri. Pakabwerera pompo ili bwino, pakatsala chibowo yafooka. Uonenso mimba. Kuvunda kumayambira m'matumbo, ndiye ikafufuma, kapena kumunsi kukutuluka zamadzimadzi, usavutike n'kufunsa mtengo.

Achimwene a ku Santhe: Kuwonjezera pa agogowo, vidiyoyo ajambulire panja pamthunzi. Babu la m'nyumba limatha kufiiritsa zinthu, ndipo mafoni ambiri amakometsa okha mtundu. Komanso mukudziwa bwanji kuti chithunzicho n'chalero? Atchule dzina lanu m'vidiyomo.

Bambo a Chisomo: Koma anthuni, mukaikazinga mpaka kuuma m'mafuta owira, si ndiye kuti zonse zafa?

Gogo NaBanda: Moto umapha tizilombo, koma sumabweza nyama imene yavunda, ndipo poizoni wina amene tizilomboto tasiya satha ndi moto. Ine yonunkha sindiphika.

NaPhiri: Vidiyo ija yabwera. Zitatu zija makha ndi ofiira bwinobwino. Mwa ziwiri zija, imodzi ndi yofiira ndithu ndipo diso la mbali inayo ndi lowala, ndiye mwina ndi ayezi uja mumanena agogo. Inayo makha ndi ofiirira motuwa, ndipo poidinikiza chala anachotsa kamera msanga, sindinaone.

Gogo NaBanda: Yomalizayo yasakanizidwa ndi zatsopano, ndi yotsala dzulo. Tenga 4. Koma ndalama upereke wakabaza akafika, utanunkhiza wekha m'makhamo. Fungo likhale la madzi a kunyanja, osati lowawasa kapena lolasa m'mphuno. Ndipo usadikire mawa ayi. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, uzitumbule pompo, uchotse matumbo ndi makha, utsuke magazi a m'mphepete mwa fupa lamsana, uike mufiliji. Ngati magetsi akuvuta kwanuko, thira mchere uziwambe kapena kuzikazinga madzulo ano.

Achimwene a ku Santhe: Ine ndikanasiya zonse. Munthu wobisa imodzi ndingamukhulupirire bwanji pa zinazo?

NaPhiri: Akukana kuti ndilipire zitafika, akuti anthu amawathawa. Ndawauza asunge zinayizo pa ayezi, ndikuweruka 4 koloko ndipita ndekha kumsika ndikanunkhize. Agogo, zikakhala pa ayezi mpaka nthawi imeneyo sizikhala zitasintha?