Kapu ija yakhala pansi tsopano

"Ndaika kapu pa tebulo mu chithunzi koma ikuoneka ngati ikuyandama, ndikulakwitsa pati?" Limenelo linali funso langa sabata yatha ndikuonjezera kapu pa chithunzi mu pulogalamu yokonzera zithunzi, zatheka tsopano abale.

Ndinkangopaka mthunzi umodzi wakuda bii, pomwe pamafunika iwiri. Woyamba ndi wa pomwe kapu yakhudza tebulo, kamzere kakang'ono kakuda kwambiri chifukwa kuwala sikulowa pamenepo, ndinaujambula pa leya yakeyake, yomwe ili ngati pepala loonekera losanjikiza pa chithunzi, pansi pa kapu ndi burashi yaing'ono, leya ili pa Multiply, yomwe imachititsa kuti zimene wapaka zidetse zomwe zili pansi pake. Kameneka kokha kanaikhazika kapu pansi, ndinasangalala zedi.

Wachiwiri, wautali uja, ndi umene unandivuta. Ndinayang'ana mthunzi wa mbale yomwe inalipo kale, windo lili kumanzere ndiye wanganso unayenera kugwera kumanja, ndipo kala ndinatenga pa mthunzi wa mbale womwewo osati wakuda, Opacity, kapena kuti mlingo wa kuonekera kwa mthunziwo, cha m'ma 40 peresenti. Pafupi ndi kapu m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, ukamatalikira ndinaufewetsa nkumauzimiriritsa pang'onopang'ono. Mukaona mizere ya thabwa la tebulo sikuonekanso mkati mwa mthunzi, dziwani mwadetsa kwambiri.