Funso pa kusesa matikiti obwerezabwereza mu Jira

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru pa mndandanda wa ntchito zodikira wa gulu lathu la opanga mapulogalamu, womwe wafika matikiti 640 mu Jira Cloud, ndipo ambiri akunena vuto limodzi m'mawu osiyana.

Ndinayamba ndasefa amene sanakhudzidwe kwa chaka chathunthu:

```
statusCategory != Done AND updated <= -365d
```

Anatuluka 210 okha, chifukwa mnzathu wina anasintha zizindikiro za matikiti ambiri nthawi imodzi mwezi watha, zomwe zinachititsa kuti akale aoneke ngati atsopano. Obwereza ndawalumikiza ndi `duplicates` n'kutseka atsopanowo, koma ndemanga ndi zithunzi zawo sizisamukira ku tikiti yotsalayo, choncho ndikukopera pamanja. Kufufutiratu sindikufuna, popeza tikiti yofufutidwa sibwereranso.

Kodi matikiti awiri akafanana, mumasunga yakale kapena yofotokoza bwino vutolo? Nanga amene palibe adzawagwire, ndingawatseke bwanji onse pamodzi ndi `Won't Do` pamene gawo la `Resolution` silikuoneka potseka, komanso popanda kutumizira owalemba maimelo ambirimbiri?