Mawu a sini ya ku Chinsapo: jenereta, mphepo ndi nyumba yopanda siling'i

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru tisanabwerereko Loweruka. Tikujambula kafilimu ku Chinsapo, m'nyumba yoti eni ake sanaimalize: malata opanda siling'i, pansi simenti, pabalaza pali mipando iwiri basi. Magetsi sanalowe, ndiye nyali tikuyatsa ndi jenereta yaing'ono ya petulo. Tinaiika kuseri kwa zenera, mamita ngati asanu, poti nthambo yathu imathera pomwepo. Sini yake mayi akukangana ndi mwana wawo pabalaza, mwanayo n'kutuluka, mkangano n'kukathera pakhonde. Zithunzi zatuluka bwino. Mawu ndiye ayi. M'nyumbamo anthu akumveka ngati akulankhulira mu mgolo, jenereta ikulira osalekeza, ndipo akangokhala chete kulirako kumakwera. Pakhonde mphepo ikungoti bu bu bu, mawu ena osamveka n'komwe. Ndili ndi kashotigani, kamaiki kolozetsa kwa wolankhula, kotchipa kokhala pamwamba pa kamera, ndi kamaiki kamodzi ka pakolala ka waya. Ndalama zogulira zina palibe.

Yamikani: Aise, zimenezo n'zochepa. Tsegula pulogalamu ya Audacity, sankha pamene pakumveka jenereta yokha, dina `Noise Reduction` kenako `Get Noise Profile`, ukatero usankhe fayilo yonse ubwerezenso. Phokoso limachoka. Za mphepo uveke maiki sokosi. Za eko pita kumsika ukatole matireyi a mazira ukhome m'makoma, masitudiyo ambiri amatero.

A Nkhoma: Tadala, musanathamangire kukompyuta ndiyankheni izi. Kamera inali mamita angati kuchokera pakamwa pa mayiwo? Mawu munawasiya pa `Auto`? Ndipo kamera inali pa batire kapena munailumikiza ku jeneretayo?

Tadala: Mamita awiri, mwina kuposa pang'ono, bambo. Inali pa `Auto`. Batire inatha masana, ndiye tinamaliza tili pa chaja.

A Nkhoma: Ndiye kutchipa kwa maiki musakuimbe mlandu. Maiki iliyonse, ngakhale ya ndalama zambiri, imamva kwambiri chomwe chili pafupi nayo. Pa mamita awiri m'nyumba yopanda kanthu, mawu ochoka pakamwa amafika atafooka, pamene obwerera kuchokera kukhoma, pasimenti ndi kumalata amafika ndi mphamvu yofanana paliponse m'chipindamo. Mgolo mukunenawo ndi umenewo.

Chiwerengero chake n'chosavuta. Mukadula pakati mtunda wa pakati pa maiki ndi pakamwa, mawu amakwera ndi 6 dB pa muyeso wa mphamvu ya mawu, koma jenereta ndi eko zimakhala pomwe zinali. Kuchoka pa mamita awiri kufika pa mita imodzi ndi 6, kufika pa masentimita 50 ndi 12. Ndiye chotsani kashotiganiko pakamera. Pezani nsungwi yowongoka, mukamange kunsonga ndi malegeni, koma pakati pa maiki ndi nsungwi muike kasiponji kuti kugwedera kwa manja kusalowe. Wogwira nsungwi aiike pamwamba pa mutu wa wolankhula, kutsogolo pang'ono, italoza pakamwa chopendekera pansi, pamalire penipeni poti ikatsika pang'ono iwoneka pachithunzi. Aloweze mawu a sewerolo kuti azitembenuza maiki munthu asanayambe kulankhula.

Jenereta nayo ndi chimodzimodzi, kungoti mobwerera. Pabwalo, mukawirikiza mtunda phokoso limatsika ndi 6 dB. Kuchoka pa mamita 5 kupita pa 10, pa 20, pa 40, ndi 18 dB papepala. Ku Chinsapo nyumba n'zothithikana, makoma amabweza phokoso, ndiye simupeza yonseyo, komabe kusiyana kwake mukumva ndi khutu. Ikakhale kuseri kwa mpanda wa njerwa kapena mulu wa njerwa, potulukira utsi pataloza kumbali ina, ndipo ikhale pa tayala lakutha kapena pamchenga, osati pasimenti yolumikizana ndi nyumba. Musaifunditse bulangete, musailowetse m'bafa kapena m'khitchini ya eni nyumba. Imatentha, ndipo utsi wake umapha anthu m'malo otsekeka.

Za kukwera kwa phokoso anthu akakhala chete, ndi `Auto` ameneyo. Akasowa mawu amakweza chilichonse chomwe wapeza. Ikani pa `Manual`, mayiwo akalipe monga adzakalipire pojambula, muchepetse mpaka mzere wosonyeza mphamvu ya mawu uzifika cha pa `-12 dB`, pokuwa penipeni usadutse `-6`.

Nabanda: Ine pa maukwati ndi pa zinkhoswe sindivutika ndi zimenezi. Ndimangopempha wa zoimbira andipatse waya wochokera ku mikisa, mawu amabwera oyera ngakhale jenereta ili pakhomo pa holo. Bwanji osabwereka mikisa ndi maiki ya m'manja?

Tadala: Achemwali, iyi ndi filimu. Mayi sangakalipire mwana wawo atanyamula maiki ya m'manja.

Nabanda: Haha, ndamva tsopano. Koma chimodzi chokha ndikuuze: za chaja zija n'zoona. Kamera yanga ikakhala pa chaja cha jenereta imalowetsa kaphokoso kena koti zzzz, kosiyana ndi kulira kwa injini.

A Nkhoma: Anabanda akhudza pofunika. Jenereta imalowa pawiri, kudzera mumpweya ndi kudzera mu waya, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Kuyesa kwake: jenereta ikulira, valani mahedifoni, mukulunge maiki mu pilo n'kukanikiza. Phokoso likatsika, likubwera mumpweya, kankhani jenereta. Likapanda kusintha, lili mu waya. Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo kulira kumeneko kumalowa kudzera mu chaja kapena mu waya wa maiki wogona limodzi ndi nthambo ya nyali. Zulani chaja mumve ngati lasiya. Mawaya awiriwo asayendere limodzi, ngati n'kofunika kuti akumane adutsane mopingasa. Loweruka mupite ndi mabatire odzaza.

Yamikani: Koma madala, `Noise Reduction` imagwira ntchito. Ine ndachotsera phokoso la fani kambirimbiri.

A Nkhoma: Ya fani inde, chifukwa fani imalira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Jenereta yaing'ono imasinthasintha, wina akangoyatsa nyali ina injini imalemedwa, kaliridwe n'kusintha, chitsanzo munatenga chija sichikugwirizananso. Komanso pa fayilo ya Tadala phokoso ndi mawu zili ndi mphamvu yofanana. Kuti lichoke muyenera kukweza kwambiri, ndipo mawu a mayiwo adzatsala opyapyala, onjenjemera. Ine ndimaigwiritsa ntchito kumapeto, pa 6 dB kapena kuposa pang'ono, kupukuta zotsalira. Eko ndiye siingaigwire, chifukwa eko ndi mawu a munthu yemweyo.

Matireyi a mazira asiyeni kumsika. Ndi opyapyala, mawu amangodutsa n'kukagunda khoma n'kubwerera. Chofunika ndi zinthu zokhuthala ndi zofewa: matiresi, mabulangete olemera, makatani. Imani pakati pa balaza muombe m'manja kamodzi, mumvetsere kamchira kotsalira. Kenako imikani matiresi kukhoma lomwe wolankhula wayang'anako, kuseri kwa kamera. Yalani mabulangete pasimenti paliponse pomwe kamera sikuona. Popeza siling'i palibe, mangani chingwe pamitengo ya denga mupachike bulangete pamwamba pa osewera, ndipo lina likalendewera pafupi ndi khoma musiye mpata wa chikhatho, limagwira bwino kuposa lomamatira. Ombaninso m'manja. Kamchira kakafupika, mwafika.

Mphatso: Ine ndilowerere pa mphepo, poti ndi imene inandivutitsa ku Kawale mwezi ngati uno. Sokosi ndi kasiponji kobwera ndi maiki zimathandiza m'nyumba basi, mphepo ya Ogasiti imadutsa. Chofunika ndi ubweya wautali. Pita pa kaunjika ku Tsoka ukagule chidole chaubweya, cha ubweya wautali osati wosalala. Usoke kathumba koti kavale pamwamba pa siponji, ubweya uli kunja. Mphepo imafera mu ubweyamo isanafike pamaiki. Ukaona kuti ubweya wagona, upese ndi chipeso. Ngati maiki yako ili ndi kabatani ka `Low Cut`, kayatse, kamadula kugunda kwa pansi. Koma mphepo yomwe yamenya kale maiki mpaka mawu kusweka, ija ya bu bu, palibe pulogalamu yoibweza. Pakhondepo mujambulenso basi. Wina aime ndi bulangete kapena katoni yaikulu kumbali yochokera mphepo, kunja kwa chithunzi. Ndipo mulawire, m'mawa kumakhala bata kusiyana ndi masana.

Nabanda: M'mawa muli atambala ndi ana opita kumjigo. Dzuwa likakwera malata amayamba kuthetheka. Paliponse pali chake.

Tadala: Nanga ka pakolala kaja ndimuveke ndani? Kali kamodzi, ndipo waya wake ndi wamfupi.

Mphatso: Veka mayiwo, ndiwo ali ndi mawu ambiri. Ukalumikize ku foni, foniyo uike pa `Airplane mode`, aimangirire m'chiuno mkati mwa chitenje. Yang'ana kapulagi kake: ka mizere itatu yakuda ndi ka foni, ka mizere iwiri ndi ka kamera, ukasokoneza foni imangojambula ndi maiki yake ya m'kati iwe osadziwa. Gogoda kamaikiko ndi chala uone ngati mzere ukudumpha. Kakhale pachifuwa, chikhatho chimodzi kuchokera pachibwano, umate ndi pulasitala wa kuchipatala kuti nsalu isakhule. Jambula `WAV` pa `48 kHz`, ndipo poyamba pa kujambula kulikonse wina aombe m'manja pamaso pa kamera kuti udzalumikize mosavuta.

A Nkhoma: Apo ine ndi Mphatso timasiyana. Munthu wokalipa amagwedeza manja, amadzimenya pachifuwa, amakonza chitenje. Kamaiki kobisa m'malaya kadzatola zonsezo, ndipo palibe amene akumvetsera zomwe foni ya m'chiuno ikujambula. Ine ndingadalire nsungwi, ka pakolala kakhale kongothandizira.

Mphatso: Pabalaza mwina. Koma pakhonde kamera ili patali, nsungwi ifika bwanji osaoneka?

A Nkhoma: Pa chithunzi chakutali milomo sioneka bwino. Mukatha kujambula, zimitsani jenereta, osewera aime pomwepo, maiki pafupi, abwereze mawu onse ndi ukali womwewo kawiri kapena katatu akadali m'mutu. Amenewo ndi amene mudzaike pansi pa chithunzi chakutali. Musanachotse mabulangete mujambulenso mphindi imodzi aliyense ali chete, ina jenereta ikulira, ina itazima. Mudzazifuna potseka mipata podula.

Tadala: Zikomo nonse. Matiresi awiri ndapeza kwa eni nyumba, chidole ndikagula mawa. Chandivuta ndi nthambo. Yomwe ndabwereka ndi ya mamita 20, kuphatikiza yathu ija 25, ndipo mpanda wa njerwa uli cha kutsogolo, mbali ya khonde lomwelo.

Yamikani: Ine ndili ndi ina ya 15 ku Area 25, koma ndi yopyapyala. Nyali zako zimadya bwanji?

Tadala: Ziwiri n'zosadya magetsi ambiri, imodzi ndi ija yotentha ya mawati 500.

A Nkhoma: Yotenthayo musaidutsitse pa nthambo yopyapyala, ndipo nthambo iliyonse muitambasule yonse, yokulungidwa imatentha. Kapena sini ya pakhonde muijambule ndi dzuwa, jenereta itazima, ya pabalaza yokha ndiyo idye petulo. Yamikani, mubwere nayo nthamboyo tiione kaye kukula kwake.