Invoisi ya madola 129 pa pulani ya madola 90: zoonjezerazi zachokera kuti?

Tiyamike: Anzanga, ndithandizeni ndisanamuyankhe kasitomala wina amene wandilembera atalusa. Anali pa pulani ya madola 30 pamwezi, ndipo mwezi wake wolipira umayamba pa 1. Ya Epulo analipira yonse pa 1 Epulo. Pa 11 Epulo anakwera kupita pa pulani ya madola 90, ndipo tsiku limenelo sisitimu sinamudule kalikonse. Lero pa 1 Meyi invoisi yatuluka ya madola 129. Iye akuti tamubera 39, poti pa tsamba la mitengo palembedwa 90. Mizere ya pa invoisi ndi iyi:

```
Unused time      -19.50
Remaining time    58.50
May 1 - Jun 1     90.00
Total            129.00
```

Ine ndili ku mbali yoyankha makasitomala, sindinalembe khodi yake. Kodi sisitimu yalakwitsa, kapena pali chimene sindikuchiona?

Kondwani: Palibe cholakwika apo achemwali, kupatula kuti mwina mwamudula zochepa. Munthu analipira 30, wakwera pa 90, ndiye kusiyana kwake ndi 60. Invoisi imayenera kukhala 150. Muuzeni kuti wapindula.

Mphatso: A Kondwani, mwalondola kuti kasitomalayo ali ndi ngongole ya Epulo, koma 60 ayi. Madola 60 ndi kusiyana kwa mwezi wathunthu, pamene iye pulani yaikuluyo sanaigwiritse ntchito mwezi wathunthu. Masiku oyambirira a Epulo anali adakali pa yaing'ono. Mukamudula 60 ndiye kuti mukumulipiritsa zinthu zimene anali asanazilandire.

A Tiyamike, tiyambire apa. Madola 30 amene analipira pa 1 Epulo sanagule tsiku la pa 1 lokha. Anagula masiku 30 a pulani yaing'ono, kulipiriratu asanawagwiritse ntchito, ndiye kuti dola imodzi patsiku. Pamene amakwera pa 11 anali atadya masiku 10 okha. Masiku 20 otsalawo anali atawalipira kale, koma sadzawagwiritsanso ntchito pa pulani imeneyo. Kampani ikangokhala chete ndi ndalama za masiku amenewo kenako n'kumudula mtengo watsopano, munthuyo walipira kawiri masiku omwewo. Ikangomupatsa pulani yaikulu osamudula kanthu, kampani yapereka ulere masiku 20 a chinthu cha madola 3 patsiku pa mtengo wa dola imodzi. Sisitimu imapewa zonse ziwiri pochita zinthu ziwiri nthawi imodzi: imamubwezera mtengo wa masiku otsala pa pulani yakale, n'kumudula mtengo wa masiku omwewo pa pulani yatsopano. Mzere wokhala ndi mayinasi uja ndi kubwezako, wotsatirawo ndi kudulako.

Tikawerenga ndi masiku athunthu, kubweza ndi 20, kudula ndi 60, zotsala 40. Mutha kutsimikiza mwa njira ina: Epulo yense wamudyera masiku 10 a dola imodzi ndi masiku 20 a madola 3, pamodzi 70. Analipira 30. Atsala ndi 40.

Tiyamike: Zikomo a Mphatso, zayamba kumveka. Koma inu mwapeza 40, invoisi ikuti 39. Ndikamutumizira masamu anuwo andifunsa za dola imodziyo, ndipo munthu wake ndi wotero ndithu.

Mphatso: Taonani mu logi kuti anadina batani nthawi yanji. Ndikukayikira kuti inali 12 koloko masana pa wotchi ya sisitimu. Masisitimu ambiri sawerenga masiku, amawerenga masekondi. Mwachitsanzo Stripe, sisitimu imene makampani amalipiritsira makasitomala pa intaneti, imawerengera mpaka pa sekondi. Ngati mwezi unayamba pakati pa usiku pa 1 Epulo ndipo iye anakwera masana pa 11, zotsala si masiku 20 koma 19 ndi theka:

```
30 * 19.5 / 30 = 19.50
90 * 19.5 / 30 = 58.50
58.50 - 19.50  = 39.00
```

Manambala a pa invoisi yanu ndi omwewo. Muonetsetsenso kuti mukuwerenga nthawi ya UTC, wotchi imodzi yoyendera dziko lonse lapansi, chifukwa logi ndi wotchi ya kasitomala nthawi zambiri sizigwirizana.

Tiyamike: Ndaona. `12:00 UTC` ndendende. Mwalosera ngati munalipo.

Chisomo: Ife zinatichitikiranso zimenezi. Kasitomala anatsika kuchoka pa pulani yaikulu kupita pa yaing'ono, n'kumafuna kuti timubwezere ndalama ku khadi lake. Ife tinangomusungira mu akaunti kuti zidzachotsedwe pa invoisi yotsatira, iye n'kukana kwamtuwagalu. Ndinganene kuti mubwezereni 39 yakeyo nkhani ithe, makasitomala oterewa satopa.

Dalitso: Achimwene a Chisomo, yanuyo ndi nkhani ina. Wanuyo anatsika, ndiye kampani ndiyo inali ndi ndalama zake. Uyu wakwera, iye ndiye ali ndi ndalama za kampani. Kumubwezera 39 kungakhale kumupatsa mphatso, ndipo ngati mwasankha kutero mulembe m'mabuku kuti ndi mphatso, osati kukonza cholakwika. Mukalemba kuti sisitimu inalakwitsa, mawa wina adzapita kukakonza chinthu chimene chili bwinobwino.

Koma ine ndikuona kuti kasitomalayo ali ndi chifukwa chokwiyira, ngakhale masamu ali olondola. Vuto ndi nthawi imene ndalamazo zatulukira. Anakwera pa 11 Epulo, sanadulidwe kanthu, palibe anamuuza kuti pali 39 imene ikumudikira. Patatha pafupifupi masabata atatu waiwala zonse, akuyembekezera 90, n'kuona 129. Aliyense angaganize kuti wapusitsidwa.

Mphatso: Pamenepo ndikugwirizana nanu, ndipo n'chinthu chimene kampani imasankha yokha. Sindikudziwa kuti a Tiyamike ali pa sisitimu iti, koma mu Stripe chosankhacho chimatchedwa `proration_behavior`. Mukapanda kuchikhudza chimakhala pa `create_prorations`: mizere iwiri ija imalembedwa nthawi yomweyo koma imadikira invoisi yotsatira, monga zachitikira apa. Mukaika `always_invoice`, invoisi ya 39 imatuluka pomwepo pa 11 Epulo, ndipo ya pa 1 Meyi imakhala 90 yoyera. Mukaika `none`, palibe kubweza kapena kudula, munthu amangodya pulani yaikulu mpaka mwezi uthe pa mtengo umene analipira kale.

Njira yachitatuyi imakopa chifukwa palibe amadandaula, koma ganizirani munthu wochenjera amene amalipira 30 pa 1, n'kukwera pa 2, n'kutsikanso pa 30 invoisi isanatuluke. Mwezi uliwonse adzadya za 90 pa mtengo wa 30.

Kondwani: Chabwino, pa 60 paja ndagonja. Koma bwanji osangoyambitsa mwezi watsopano tsiku limene wakwera? Alipire 90 pa 11 Epulo, adzalipirenso pa 11 Meyi. Masamu onsewa atha.

Mphatso: Satha onse, amatha theka. Masiku 19 ndi theka a pulani yakale aja analipiridwa kale, ndiye muyenera kumubwezerabe 19.50. Alipira 70.50 pa 11 Epulo, kenako 90 pa 11 Meyi. Mu Stripe zimachitika mukaika `billing_cycle_anchor` pa `now`. Ndi njira yabwino ndithu, ndipo n'njosavuta kufotokoza: mtengo wathunthu kuchotsa zimene sunagwiritse ntchito. Choipa chake n'chakuti tsiku lolipira lasuntha. Kasitomala amene ndi kampani, amene anthu ake a maakaunti amayembekezera invoisi pa 1, sangakondwere kuona tsiku likusintha nthawi iliyonse akakwera pulani kapena akaonjezera munthu.

Dalitso: Ndionjezere msampha umodzi umene ife a maakaunti timakumana nawo. Mzere wobweza uja umangoganiza kuti ndalama za mwezi uno zinalowa. Ngati khadi linakana pa 1 Epulo, invoisi ya 30 n'kukhala yosalipidwa, kenako munthuyo n'kukwera pa 11, sisitimu ikhoza kumubwezerabe 19.50 ya ndalama zimene sanapereke. Chizindikiro chake n'chosavuta: mzere wa mayinasi pa invoisi yatsopano, pamene invoisi ya mwezi womwewo idakali yotsegula. Musanayankhe aliyense pa nkhani ngati iyi, yambani mwaona ngati yam'mbuyo inalipidwa.

Tiyamike: Yake inalipidwa, ndaona. Ndamulembera motere, mundiuze ngati zikumveka: "Madola 90 ndi a mwezi wa Meyi. Madola 39 ndi a Epulo: kuyambira pa 11 masana mpaka kutha kwa mwezi munali pa pulani yaikulu, mtengo wa nthawi imeneyo ndi 58.50, ndipo tachotsapo 19.50 imene munalipira kale pa pulani yakale. Invoisi ya Juni idzakhala 90."

Dalitso: Chiganizo chomalizacho ndicho chimuziziritse mtima. Ambiri amaopa kuti 129 ndiye mtengo watsopano wa mwezi uliwonse. Kenako kauzeni olemba khodi anu kuti aziwonetsa ndalamayo pa sikirini munthu asanadine batani lokwerera.

Mphatso: Eya, koma akamachita zimenezo asamale. Popeza kuwerenga ndi kwa masekondi, nambala imene munthu waiona pa sikirini imayamba kusintha iye akadali kuganiza. Pa madola 60 osiyana pamwezi wa masiku 30, ola limodzi ndi masenti 8 ndi pang'ono. N'zochepa, koma munthu amene waonetsedwa 39.00 n'kudulidwa 38.92 amalembabe imelo. Mankhwala ake ndi kusunga nthawi imene munawerengera poonetsa, n'kuitumizanso yomweyo posintha pulani. Mu Stripe ndiyo ntchito ya `proration_date`. Ndipo ngati wina akufuna kulemba masamuwa yekha, asaike 30 ngati nambala yokhazikika. Agawe ndi kutalika kwenikweni kwa mwezi wolipirawo. Madola 90 omwewo ndi 3 patsiku mu Epulo, pafupifupi 2.90 mu Meyi wa masiku 31, ndi pafupifupi 3.21 mu Febuluwale wa masiku 28.

Ine ndikanakhala inu ndikanasinthira ku kudula pomwepo.

Chisomo: Ife tinayesa kudula pomwepo, zinabweretsa mutu wina. Khadi likakana pa 39 ija, munthu amakhala kale pa pulani yaikulu, ndiye umayamba kumuthamangitsa. Komanso kampani imene imaonjezera antchito sabata iliyonse imalandira timainvoisi tambirimbiri pamwezi, ndipo anatidandaulira.

Mphatso: La khadilo lili ndi yankho: kusintha kwa pulani kuzidikira mpaka ndalama zitalowa. Mu Stripe ndi `pending_if_incomplete`. La timainvoisi tambiri ndilibe yankho loyera. Mwina kudula pomwepo kwa amene akukwera pulani, n'kusiya za kuonjezera anthu kuti zizidikira kutha kwa mwezi.

Dalitso: Zikatero ndiye malamulo awiri pa akaunti imodzi, ndipo a Tiyamike ndi amene azidzawafotokoza kwa anthu olusa. Ine ndikanasiya momwe zilili, n'kungotumiza imelo tsiku lokwera yonena kuti invoisi yotsatira idzakhala zingati.

Tiyamike: Kasitomala wayankha. Akuti masamu wawamva, koma akufunabe kudziwa chifukwa chake sitinamuuze pa 11. Ndikapereka maganizo onse awiri ku timu yathu Lolemba. A Chisomo, makampani amene anadandaula aja ankaonjezera anthu kangati pamwezi? Ndikufuna ndione ngati athu amafika pamenepo.