Chithunzi cha tsamba la chimanga, pansi pake mawu amodzi: “thandizeni”

Mlangizi wa ku Mitundu

Akuluakulu, ndalandira chithunzi pa WhatsApp kuchokera pa nambala yomwe sindikuidziwa. Ndi tsamba limodzi la chimanga lothyoledwa, aliyika pa mkeka. Lili ndi timizere tachikasu totsata utali wa tsamba, koma chithunzi sichikuoneka bwino kwenikweni. Pansi pake angolemba kuti “thandizeni”, basi. Dzina palibe, mudzi palibe. Ndaliyika apa kuti muone. Ndimuyankhe chiyani munthuyu? Ndikuopa kuti ndikachedwa apita kukagula mankhwala aliwonse.

Wogulitsa zipangizo za ulimi, Nsundwe

Chimenecho ndi chiwawu achemwali. Ndi mvula ya Januwale ino chavuta paliponse. Muuzeni apopere mankhwala a chiwawu msanga chisanafalikire.

Mlangizi wa ku Mpingu

Ayi bambo, chiwawu sichioneka chonchi. Cha chiwawu chimakhala chigamba chouma, chotuwa kapena chofiirira, ndipo chimayambira masamba a m'munsi. Apa tsamba silinaume, langosintha mtundu. Ine ndikuona njala ya zinki. Kwathu kuno ndaiona kambiri m'minda momwe anthu anangothira yureya yekha osathira wokulitsa uja wa 23:10:5+6S+1.0Zn. Muuzeni za feteleza.

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Mwanawe wa ku Mitundu, usatchule dzina la matenda lililonse pakadali pano. Ukangolitchula, mlimi aleka kuwerenga zina zonse n'kuthamangira kusitolo. Koma usakhalenso chete. Muyankhe tsopano lino kuti waona chithunzi, asagule kanthu kaye, ndipo uli ndi mafunso ochepa.

Vuto la chithunzi ichi si kusaoneka bwino kokha ayi. Vuto lalikulu ndi loti tsamba lathyoledwa, ndiye sitikudziwa kuti linali pati pa phesi. Timizere tachikasu pa tsamba lakale la m'munsi ndi nkhani ina, timizere tomweto pa tsamba latsopano la pamwamba ndi nkhani inanso. Chomera chikasowa naitirojeni kapena maginiziyamu chimachotsa ku masamba akale n'kupatsa atsopano, n'chifukwa chake njala ya zimenezi imayambira pansi. Zinki ndi salifa sizisamuka msanga choncho, ndiye njala yake imaonekera pa masamba aang'ono. Matenda a sitiriki, aja a kachilombo kolemba timizere pa masamba a chimanga, nawonso amaonekera pa masamba omwe atuluka chimanga chitagwidwa kale, a m'munsi amakhala obiriwira bwinobwino. Achimwene a ku Mpingu akhoza kukhala kuti alasa, koma ndi tsamba ili lokha zinki ndi sitiriki sitingazilekanitse.

Funso loyamba likhale limeneli: tsamba mwalithyola pamwamba kapena pansi? Lachiwiri: zili munda wonse, zili chigawo chimodzi, kapena ndi phesi apa phesi apo? Lachitatu: munabzala liti, mbewu yanji? Akayankha zitatuzi, za feteleza ndi mankhwala opha udzu uzifunsa pambuyo.

Mlangizi wa ku Ukwe

Ineyo chaka chatha zoterezi zinapezeka kuti ndi ntchemberezandonda. Mlimi ananditumizira tsamba, nditapita ndinapeza mbozi zili tho kumtima kwa chimanga. Muuzeni asuzumire kumtima, akapeza zonga utuchi ndiye kuti ndi zomwezo. Anthu akuzengereza kupopera pomwe mbozi zikutha minda.

Mlangizi wa ku Mpingu

Achimwene, taonaninso chithunzicho. Palibe pobooka, palibe popalidwa. Tsamba ndi lathunthu.

Mlangizi wa ku Ukwe

Chabwino, koma kusuzumira kumtima sikulipiritsa. Azisuzumirabe.

Mlangizi wa ku Mitundu

Ndinamulembera mafunso atatu aja, anawerenga koma osayankha. Ndiye ndajambula mawu n'kumutumizira, wayankha nthawi yomweyo, nayenso ndi mawu. Ndi mayi wachikulire, foni ndi ya mdzukulu wawo, ndiye amene analemba uthenga uja. Akuti tsamba analithyola pamwamba. Anabzala mochedwa, kumapeto kwa Disembala, chifukwa mbewu yoyamba inapserera ndi ng'amba. Pobwereza anatenga chimanga cha m'nkhokwe. Pano chafika m'maondo. Zoti zili munda wonse kapena ayi, akungoti “zili ponseponse”.

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Wachita bwino kutumiza mawu. “Ponseponse” ya mlimi amene ali ndi nkhawa usaitenge momwemo, munthu akaona mapesi khumi odwala maso ake saonanso abwino. Upemphe mdzukuluyo achite ziwiri.

Choyamba ajambule zithunzi zitatu, ndipo asathyole kanthu. China aime m'mphepete ajambule munda kuti tione mizere ingapo pamodzi. China ajambule phesi limodzi lodwala lonse, kuyambira pa dothi mpaka kunsonga. Chomaliza ayandikire tsamba laling'ono kwambiri lomwe latambasuka, chakutsinde kwake komwe limagwira phesi. Dzuwa likhale kumbuyo kwake, kapena adzitchinge ndi thupi kuti tsamba lisanyezimire, ndipo apukute kaye diso la kamera ndi nsalu.

Chachiwiri awerenge. Asankhe malo asanu otalikirana m'mundamo, osati m'mphepete mokha, pamalo aliwonse awerenge mapesi 20 otsatana mu mzere umodzi, atiuze odwala ndi angati. Pamodzi akhala mapesi 100, ndiye nambala yomwe atipatseyo ndi peresenti kale.

Wogulitsa zipangizo za ulimi, Nsundwe

Bambo, ndi ulemu wonse, zimenezi zachuluka. Bandulo akugula ndani? Anthuwa akabwera pa sitolo amafuna yankho pompo. Ukamufunsa mafunso asanu amanyamuka n'kupita kwa mnzako wa pafupi, amene amugulitsa botolo osafunsa kanthu. Ine sindikufuna kunamiza munthu, koma ndiuzeni chomwe ndingachite munthu ataima pa kauntala ndi foni m'manja.

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Nkhawa yanu ndi yoona, ndipo sindikunena kuti ndi yophweka. Ngati nthawi ikulolani funso limodzi lokha, funsani lija la pamwamba kapena pansi. Ndipo ngati tsamba ali nalo m'manja, lipukuteni ndi chala. Dzimbiri limasiya fumbi lofiirira pa chala. Chigamba chouma chachitali chosongoka mbali zonse ziwiri, kapena tizigamba totuwa ta makona anayi totsekeredwa pakati pa mitsempha ya tsamba, amenewo ndi matenda omwe mankhwala opopera angagwirepo ntchito, ngakhale kuti pa munda waung'ono nthawi zambiri ndalama yake sibwerera. Koma tsamba lomwe langosintha mtundu osauma, botolo lanu la chiwawu silichitapo kanthu, ndipo mlimi akadzaona kuti sizinathandize adzakumbukira sitolo yomwe anagula.

Mlangizi wa ku Mitundu

Zithunzi zabwera ziwiri, cha munda chakanika ndi netiweki. Pa phesi lonse lija, masamba atatu a m'munsi ndi obiriwira, a pamwamba onse ali ndi timizere. Pa chithunzi chapafupi timizereto ndi topyapyala, toduka-duka, tambirimbiri, tafalikira tsamba lonse mpaka m'mbali. Chakutsinde kwa tsamba laling'ono kuli timadontho toyera. Mdzukulu wawerenga: 3, 1, 6, 0, 2. Akuti phesi lodwala limapezeka pakati pa abwinobwino. Malo a 6 aja ali kumunsi, kufupi ndi dambo komwe anthu ali ndi madimba.

Mlangizi wa ku Mpingu

Ndiye si zinki. Ya zinki imapanga lamba wotakata woyera mbali ziwiri za msana wa tsamba, msanawo ndi m'mphepete zimatsala zobiriwira, ndipo imagwira mapesi oyandikana onse pamalo pomwe dothi ndi lofooka. Phesi limodzi lodwala pakati pa athanzi pa dothi lomwelo, njala singasankhe chonchi.

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Ndi sitiriki, ndipo nkhani yonse ikugwirizana. Kachilombo kake kamafalitsidwa ndi tizilombo tating'ono todumphadumpha toyamwa madzi a m'masamba. M'chilimwe timakhala mu udzu wa kudambo ndi m'chimanga cha m'madimba, ndiye chimanga chobzalidwa mochedwa pafupi ndi dambo chimakumana nato chikadali chanthete. N'chifukwa chake kumunsi kuli 6 pomwe kwina kuli 0.

Uwauze mayiwo mosabisa kuti phesi lomwe lagwidwa silichira, palibe mankhwala opopera kapena feteleza amene angabweze tsamba kukhala lobiriwira. Uwauzenso kuti mapesi 12 pa 100 si munda wonse, enawo akufunika chisamaliro chawo: apalire udzu, m'mundamo ndi m'mphepete momwe, ndipo ngati wobereketsa sanathire athire. Lomwe lagwidwa lili laling'ono kwambiri limapinimbira ndipo mwina silibereka n'komwe, koma logwidwa litakula kale limaberekabe ndithu.

Pali chimodzi chomwe tisalakwitse powafotokozera. Matendawa sanabwere ndi mbewu ya m'nkhokwe, sayenda m'mbewu. Vuto la mbewuyo ndi loti mwina ilibe mphamvu yopirira, pomwe mbewu zambiri za makono zinapangidwa kuti zizipirira sitiriki. Chaka chamawa afunse za zimenezi pogula, ndipo abzale ndi mvula yoyamba yokwanira.

Mlangizi wa ku Ukwe

Nanga osangopopera tizilomboto bwanji?

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Timachokera kunja kwa munda. Mupha ta lero, mawa tabwera tina kuchokera kudambo, ndipo chimanga chikamakula kuopsa kwake kumachepa. Kwa mayi amene anabwereza ndi chimanga cha m'nkhokwe chifukwa chosowa ndalama ya mbewu, ndalama imeneyo ipite ku yureya.

Mlangizi wa ku Mpingu

Koma odwalawo azule. Akasiya ndiye kuti akusungira tizilombo pomwera matenda n'kukapatsira athanzi.

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Apa ine ndimasiyana nanu pang'ono. Chikanakhala cha masamba atatu kapena anayi, odwala ali apo ndi apo, ndikanati azule onse. Chafika m'maondo, ndipo gwero lalikulu lili kudambo, osati m'munda mwawo. Ndingati azule opinimbira okhaokha omwe akuonekeratu kuti sabereka, enawo awasiye.

Mlangizi wa ku Mpingu

Ine ndikanazulabe onse kumunsi kuja. Phesi lodwala limodzi lomwe mwalisiya lingakudyereni angapo.

Mlangizi wa ku Mitundu

Mayiwo akana kale zozula chilichonse chomwe chikuoneka kuti chingabereke, ndiye ndiyambira pa opinimbira. Mudzi wawo ndaudziwa, uli m'dera la mnzanga wa sekishoni yoyandikana nayo, ndamutumizira nambala ndi zithunzi. Lachinayi tili ndi msonkhano wa kalabu chakomweko, tidzadutsa tikaone mbali ya kudamboyo ndi minda yoyandikana nayo, chifukwa obwereza kubzala kumeneko si iwo okha.

Mlangizi wamkulu, Chitekwere

Mukapita mukayang'anenso ngati pali mapesi omwe masamba akuuma kuyambira m'mphepete kulowa mkati, kapena mtima wafa. Zimenezo sitiriki yekha sachita kawirikawiri. Mukaziona musakazigamule nokha pa foni, mudziwitse ofesi ya zaulimi tsiku lomwelo kuti nkhani ifike kwa akatswiri a matenda a mbewu ku Chitedze. Ndipo mdzukuluyo umuuze awerengenso malo asanu omwewo sabata yamawa, tione ngati 12 uja wakwera.