K20,000 ya Anachisale ku banki mkhonde: inali ya ngongole kapena ya masheya?

Anachisale: Alembi, Lachisanu munawerenga kuti ngongole yanga yafika K72,600. Zatheka bwanji? Mwezi watha ndinatumiza K20,000 pa Mpamba ndili ku Jali kodwazika mayi. Yapita kuti?

Make Tadala (mlembi): Inafika amayi, ili m'buku. Uthenga wanu ndikadali nawo, munalemba kuti "Ndatumiza ija, mundikonzere." Munali mutajomba milungu iwiri, ndipo inu sabata iliyonse mumagula masheya 5 a K2,000. Milungu iwiri ndi K20,000 ndendende, ndiye ndinadinda masheya 10.

Anachisale: Ine ndimanena ya ngongole! Munthu wa ngongole angathamangire masheya?

Abiti Saidi: Ndalama yasowanso? Ine ndinanena kale kuti za pafonizi zitilowetsa m'mavuto.

Make Tadala: Sinasowe Abiti, werengani bwino pamwambapo.

Che Jafali: Nanga tikukanganirananji? Ngongole kaya masheya, bokosi lake ndi limodzi. Disembala pogawana aipeza ili ndi phindu lake.

Anaphiri (msungichuma): Bokosi ndi limodzi Che Jafali, koma masamba a m'buku ndi awiri. Anachisale anatenga K60,000, chiwongola dzanja chathu ndi 10 pa 100 pamwezi, ndiye mwezi woyamba inafika K66,000. K20,000 ija ikanalowa ku ngongole pakanatsala K46,000, ndipo mwezi uno ikanakhala K50,600. Popeza inalowa ku masheya, chiwongola dzanja chawerengedwa pa K66,000 yonse, n'chifukwa chake mukumva K72,600. Kusiyana kwake ndi K22,000. K20,000 ilipo, ingosamuka tsamba. Mlandu uli pa K2,000 yoonjezekerayo.

Che Jafali: Koma masheya 10 aja abala phindu pogawana, mwina loposa K2,000.

Anaphiri: Mwina, koma phindu limadziwika ngongole zonse zikabwezedwa. Palinso china. Timabwereka mpaka katatu pa zimene munthu wasunga. Masheya 10 olakwikawo akweza malire a Anachisale ndi K60,000 pomwe ngongole yakale sanaichepetse m'buku.

Make Tadala: Musandikhomere ndekha. Ndinayankha kuti "Chabwino amayi, ndakonza," iwo n'kuyankha "Zikomo." Komanso mayi wamkulu ali kumatenda, ine mwana ndiyambe kuwapanikiza ndi mafunso?

Anaphiri: Mwana wanga, "ndakonza" wako anali wosamveka ngati "ija" wawo. Aliyense anamva zimene zinali m'mutu mwake. Chimene chinakusocheretsa n'chakuti nambala inagwirizana bwino ndi masheya, ndiye unaona ngati watsimikiza. Koma munthu yemweyo anali ndi ngongole, analinso ndi chindapusa cha kujomba ndi ya thumba la zadzidzidzi yosapereka. Pakakhala makomo angapo oti ndalama ingalowere, mwini ndalama ndiye amaloza khomo. Ndipo funso lake lisakhale "Mukutanthauza chiyani?", limenelo ndilo limamveka mwano, ndipo akuyankhanso kuti "ija ija." Ukanangolemba: "Ndalandira K20,000 amayi. Ndiike ku ngongole, ku masheya, kapena ndigawe?" Wodwazika matenda akanayankha ndi liwu limodzi.

Make Chisomo: Ngati ine chaka chatha, ndinatuma mwana ndi K5,000 ya chipepeso cha maliro a ku Chinamwali, anakaiika ku masheya anga. Ndinaoneka woumira mpaka lero ena sandipatsa moni bwino.

Abiti Saidi: Ndiye kanthu kalikonse tizifunsidwa? Nditumize K10,000 Lachisanu m'mawa ndilibe ngongole, afunsenso? Mayunitsi ake agula ndani?

Anaphiri: Pamenepo ayi, khomo ndi limodzi. Alembi angolemba n'kuyankha kuti "Ndadinda masheya 5," kuti ngati alakwitsa muwakonze tsiku lomwelo. Akafunsa koma osayankhidwa, ndalamayo ikhale padera, isadindidwe mpaka tikumane.

Anachisale: Ndavomera kuti ndinalemba mofupikitsa, foni inali yobwereka ndipo moto unali kutha. Koma K2,000 ine sindilipira. Ndalama yanga inafika nthawi yake.

Make Tadala: Inenso sindinadye ngakhale tambala.

Che Jafali: Agawane, wina K1,000 wina K1,000, nkhani ithe.

Anaphiri: Ine ndikuona kuti gulu lingoifafaniza, chifukwa K20,000 ija inali kale m'bokosi ndipo tinaibwereketsa ena, ikubala. Kulipiritsanso ndi kudya pawiri.

Abiti Saidi: Tikafafaniza lero, mawa wina agula masheya, n'kudzati ndimanena ngongole akaona chiwongola dzanja chamupweteka. Ine ndakana.

Wapampando: Pafoni sitingavote. Lachisanu 2 koloko kwa Anaphiri ku Matawale. Make Tadala, ubwere ndi buku, kabuku ka Anachisale ndi foni yako, mauthenga aja usafufute. Masheya 10 aja asakhudzidwe kaye.

Anachisale: Ndipo chindapusa cha kujomba chija tikakambirananso, ndinali kumatenda ine.