Mneni woyenera m'kalata yodandaula: tipempha, tikupempha kapena tikadapempha?

Akuluakulu, makamaka aphunzitsi a Chichewa, ndikupempha thandizo lanu. Mwana wa mchimwene wanga, yemwe ali mu Fomu 3 kuno ku Ntcheu, wapatsidwa kalata yantchito yodandaula za mjigo wowonongeka kuti alembe aneni m'mipata, ndipo tasiyana maganizo pa chiganizo ichi: "Ife anthu a m'mudzi muno ______ (pempha) kuti ______ (tumiza) amisiri msanga, chifukwa mjigo wathu ______ (wonongeka) mwezi watha."

Mpata wachitatu tagwirizana kuti ndi "udawonongeka", popeza nkhaniyo ndi yakale. Pa mpata wachiwiri iye walemba "tumizani", koma ine ndikuona kuti pambuyo pa "kuti" pafunika "mutumize", ndiponso "tumizani" akumveka ngati kulamula munthu waudindo.

Povuta ndi pa mpata woyamba. Kodi "tikupempha" ndi wokwanira, kapena "tikukupemphani" ndiye waulemu kwambiri? Iye akuti "tikadapempha" ndi wodzichepetsa, pomwe kwa ine akusonyeza pempho lomwe silidachitike. Komanso ndime yoyamba ya kalatayo ili ndi "tidalemba". Kodi wochonga angamuchotsere malikisi akalemba "unawonongeka", kusakaniza -na- ndi -da- m'kalata imodzi?